Kasitomala walipira ndi madola, koma makwacha sakugwirizana ndi invoisi

Abale anga owerengera ndalama muno mu Lusaka, ndithandizeniko nzeru.

Tili ndi kasitomala wa ku Joni amene tinamulembera invoisi ya $2,000. Tsiku lolemba invoisiyo dola inali pa K27, ndiye m'mabuku ndinalemba K54,000. Iye walipira patatha mwezi, kwacha itakwera mphamvu, dola ili pa K26. Banki yatenganso $25 yake, moti mu akaunti mwalowa K51,350 basi.

Abwana akuti ndimuuze kasitomala awonjezere K2,650 yotsalayo. Ine ndikuona kuti ngongole alibe, chifukwa tinagwirizana madola ndipo anatumiza onse. Mmene ndawerengera, K650 ndi ya banki, pomwe K2,000 yapita chifukwa cha kusintha kwa mtengo wa dola. Kodi ziwirizi ndizilembe padera, ina ngati zolipira kubanki, ina ngati kuluza pa kusintha ndalama?

China chondizunguza ndi reti. Ya tsiku la invoisi ndinatenga ya Bank of Zambia, koma banki yathu inasintha pa reti yake yogulira, yomwe imakhala yotsikirapo. Pa tsiku lolandira ndalama ndigwiritse iti kuti a ZRA akabwera zisadzavute?

Nanga abwana, omwe sakonda za manambala, ndingawafotokozere bwanji mwachidule?