Kankhani ka maitosisi kaja ndakapeza

Ndinafunsa kuti: "Magawo a maitosisi pa masilaidi a aphunzitsi akundisokonekera. Alipo ali ndi kankhani kondithandiza kuwasunga m'mutu?"

Zikomo nonse munayankha. Ndalumikiza maganizo anu, ndipo katuluka ndi aka.

Pamudzi pali mapasa magulu 46, awiriawiri omangana chitenje m'chiuno, ali mkati mwa mpanda. Mudzi ndi selo yomwe ikugawikana pawiri, gulu lililonse ndi kromozomu imodzi ya munthu, chitenje ndi sentromiya, mpanda ndi chikuta cha nyukiliyasi. Mapasawa anabadwa kale pa intafezi, DNA itakopedwa, maitosisi isanayambe.

Pa pulofezi amadzipinda, nafupika n'kunenepa mpaka kuoneka bwino, mpanda n'kuyamba kugwa. Zingwe zochokera kumalekezero awiri a mudzi zimawakola pachitenje paja (masilaidi ena pamenepa amati pulometafezi). Pa metafezi aima mzere umodzi pakati pa bwalo. Pa anafezi chitenje chaduka, wina akukokedwa uku, mnzake uko. Apa werengani mosamala, chifukwa aliyense tsopano ndi kromozomu payekha, ndiye m'selo muli 92. Pa telofezi afika, adzitambasula, ndipo mbali iliyonse yamanga mpanda wake wa anthu 46. Kugawa bwalo lenilenilo ndiye saitokinesisi: selo ya nyama imafinyika pakati, ya chomera imamanga khoma latsopano.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chokha. Mapasawa ndi makope ofanana ndendende, si kromozomu ya kwa mayi ndi inzake ya kwa bambo. Mukaona pa chithunzi zimenezo zitaima moyandikana pamzere, imeneyo ndi metafezi yoyamba ya meyosisi, mtundu wina wa kugawikana kwa selo, osati maitosisi.