Thandizeni pa nkhani ya umuna mu novelo

Muli bwanji nonse, ndine wa ku Chawama kuno ku Lusaka, ndikulemba esei ya lichecha ndipo ndakakamira penapake. Bukuli ndi la mnyamata amene bambo ake amwalira, tsiku lamaliro amalume ake akumuuza kuti mwamuna salira, iweyo ndiwe bambo wa nyumba tsopano, kenako akusiya sukulu kukagwira maganyu kuti alongo ake aphunzire. Vuto ndi lakuti akufotokoza nkhaniyo ndi iye mwini atakula, ndiye paliponse akuti ndinalimba mtima, koma wolemba akumuonetsa akubisala kuseri kwa nkhokwe, osadya, usiku osagona. Ine ndikuona ngati buku likutsutsana ndi mwini nkhani.

Ndinayesa kundandalika zonse zomwe amamuyembekezera, aphunzitsi anabweza ati uku nkubwereza nkhani chabe osati kusanthula. Kumuyerekeza ndi amalumewo nakonso kunangowasandutsa chilombo, chonsecho fizi ya chaka choyamba analipira ndi iwo.

Ndiye funso langa, ndingaonetse bwanji kuti zomwe mnyamatayo akunena zikusiyana ndi zomwe akuchita popanda kumunena kuti ndi wabodza? Nanga amayi ake omwe akumupatsa mpando wa malemu pa chakudya, ndiwaike mbali ya omukakamiza kapena nawonso angopanikizika?