Mota ya chigayo ikungong'ung'udza, siikuzungulira

Wa ku Lunzu: Akuluakulu thandizeni, ndili pa chigayo kuyambira mmawa. Mota ya mafezi atatu, makilowati 15, sitata ya sitala-delita. Ukadina batani ikungong'ung'udza, shafiti osasuntha, pakangopita masekondi ochepa ovalodi yagwetsa. Lamba ndachotsa, pule ikuzungulira ndi dzanja bwinobwino. Pa aisoleta ndapeza mavoti 398, 401 ndi 399. Azimayi ali pamzere ndi matumba awo, mwini chigayo akungondiyang'ana.

Wamakompuresa: Kapasita imeneyo achimwene. Mota ikalira chonchi osadzuka, ine ndimayambira pomwepo. Sabata yatha kompuresa ya pogwirira matayala imachita zomwezo, kapasita itatupa. Nditasintha inadzuka.

Mkulu wa ku Ndirande: Wanena kuti ndi ya mafezi atatu, ilibe kapasita yodzutsira. Mafezi atatuwo ndi amene amapanga mphamvu yozungulitsa. Imodzi ikasowa, maginito amangokankha uku ndi uku pamalo amodzi, ndiye kung'ung'udza ukumvako.

Iwe wa ku Lunzu, wayeza pamalo polakwika. Pa aisoleta, mota ili chete, zonse zimaoneka zabwino. Funso ndi lakuti kodi magetsiwo akufika ku mota kontakita ikalowa? Ndipo mita ya mavoti ikhoza kukunamiza, chifukwa pa waya woduka magetsi amabwerera kudzera m'makoilo n'kuonetsa kanthu. Tenga kilampu mita, uike pa waya umodzi wolowa mu sitata, wina adine kwa masekondi awiri okha. Chita choncho pa L1, L2, L3, ukuipumitsa pakati. Ukapeza awiri akukoka kwambiri wina ali pa 0, wapeza. Usapitirire katatu ameneka, chifukwa mota yoima imakoka maampu ochuluka kangapo kuposa olembedwa pa chitsulo chake, ndipo fani siikuzungulira.

Wa ku Lunzu: Ndaidina kale mwina kasanu ndi katatu madala.

Mkulu wa ku Ndirande: Ndiye siya, usadinenso. Zimitsa aisoleta, utsimikize ndi mita kuti mulibe moto, umasule mawaya onse 6 pa bokosi la mota. Yeza maomu pa U1-U2, V1-V2, W1-W2. Pa mota yaikulu choncho manambala amakhala aang'ono kwambiri, ndiye yamba wagunditsa timawaya ta mita kuti udziwe zochotsera. Chofunika n'chakuti atatuwo afanane. Kenako mega ya mavoti 500, koilo iliyonse ku thupi la mota ndiponso koilo ndi inzake. Pansi pa megaomu 1 usaipatse moto. Ununkhizenso, vanishi wopsa sabisala.

Wamakompuresa: Komabe tsegulani panelo muone, zigayo zina makapasita amakhalamo. Kapena dinani wina apotoze pule, ikathamanga ndiye kuti ndi kapasita.

Mayi wa ku Area 25: Ayi bambo, musamuuze zimenezo mwana wa eni. Aja a m'panelo ndi okonzera pawa fakita, sadzutsa mota. Ndipo mota yosowa fezi ukaipotoza nayo imatha kuthamanga, mbali iliyonse imene waikankhira, ndiye kuyesa kwanuko sikusiyanitsa kanthu. Chimene angapindule ndi kutaya zala. Inu amene mumasintha makapasita a fezi imodzi, muziyamba mwawatsitsa moto, amaluma ngakhale pulagi itazulidwa.

Ine ndikukayikira kontakita ya sitala. Ufa umalowa m'panelo, kontaki imodzi n'kupsa, ndiye nsonga ya koilo imodzi siilumikizidwa ndi zinzake. Magetsi atazimitsidwa, ikankheni ndi sikuludiraiva, muyeze pini iliyonse ngati ikudutsa.

Wa ku Mponela: Mabering'i musawachotse pa mndandanda. Ine inandinamizapo mota ya pampu, ndi dzanja imazungulira, koma ukaipatsa moto rota imakokedwa n'kukhuza pa siteta chifukwa bering'i inali itadya malo ake. Ndinasintha kontakita pachabe, ndalama ya m'thumba mwanga. Gwira pule uitukule mmwamba ndi pansi, ikagogoda ndi zimenezo. Potsegula ndinapeza rota ili ndi mzere wowala ngati yapalidwa.

Mkulu wa ku Ndirande: Zimachitika, ngakhale pa chigayo bering'i imayamba yadandaula masabata angapo isanafike pamenepo. Funsa woyendetsa chigayo mmene inaimira dzulo. Ngati imamveka kulemera ndi kutentha asanaizimitse, fezi inathawa ili mkati mothamanga pa delita. Pamenepo koilo imodzi imapsa, ziwiri n'kukhala zoyera. Ukapeza choncho, usangoipititsa kokakulunga, upeze kaye pamene fezi yathawira, apo ayi yatsopanoyo ipsanso. Ovalodi aiika pa maampu angati? Ikakhala mkati mwa delita imayenera kukhala pa 0.58 ya olembedwa pa mota, koma ambiri amaikweza kuti isamawavutitse.

Wamakompuresa: Ine zaka zonsezi mota yong'ung'udza imakhala kapasita basi.

Wa ku Mponela: Kodi alipo amene ali ndi mega yobwereketsa cha kuno? Yanga batire inatayikira mkati.