Ndikane bwanji ntchito pa imelo koma osadzitsekera khomo?

Mwini funso: Abale ndithandizeni nzeru. Mwezi watha ndinachita intavyu malo awiri, bungwe lina pa Dedza boma komanso ofesi ina konkuno ku Ntcheu, konse ntchito ya maakaunti. Lolemba a ku Dedza anditumizira ofa pa imelo, kontirakiti ya chaka chimodzi, akuti ndiyankhe pofika Lachisanu. Dzulo Lachiwiri a ku Ntcheu andiimbira kuti nawonso anditenga. Mtima wanga uli ku Ntcheu chifukwa mayi akudwala shuga ndipo ndine ndimawaperekeza kuchipatala, ndikapita ku Dedza ndiye lendi, thiransipoti wikendi iliyonse, salale yonse ithera pa msewu. Koma anthu a ku Dedza aja anandilandira bwino kwambiri ndipo tsiku lina ndimafuna nditadzagwira nawo. Chinanso amene anandiuza za ntchitoyo ndi bambo ena a kutchalitchi kwathu, amagwira komweko. Ndilembe chani kuti asandione ngati ndawataitsa nthawi?

Mnyamata wa ku Kampepuza: Achemwali ingokhalani chete, Lachisanu likadutsa adziwa okha. Anthu ofuna ntchito ndi ambirimbiri sakusowani.

Mayi wa ku Bembeke: Ayi achimwene, kukhala chete ndiye kutseka khomo kumene. Ine ndakhala mu ofesi yolemba anthu ntchito zaka zambiri, amene timamukumbukira moipa si wokana ayi, ndi uja timamuimbira foni osayankha, kapena wovomera kenako tsiku loyamba osabwera. Koma mwana wanga ndikufunse kaye, a ku Ntcheu akupatsa kalata kapena ndi pafoni pokha?

Mwini funso: Pafoni pokha amayi, anati kalata ikubwera sabata ino.

Mayi wa ku Bembeke: Ndiye usakane kaye. Mawu a pafoni si ofa, ndaonapo ntchito zikuimitsidwa pa mphindi yomaliza chifukwa ndalama za pulojekiti sizinabwere kapena bwana wamkulu sanasaine. Aimbire a ku Ntcheu lero lomwe, uwauze mwaulemu kuti uli ndi ofa ina yofunika kuyankha Lachisanu, ungakonde utalandira kalata yawo pofika mawa Lachinayi. Ikabwera uwerenge salale, tsiku loyamba ntchito ndi kutalika kwa pulobeshoni, usaine, ubweze. Ukatero m'pamene ulembere a ku Dedza, tsiku lomwelo osadikira Lachisanu madzulo. Chifukwa chake ndi ichi, pa intavyu timakhala ndi nambala 2 amene sitinamuuze kanthu, tikudikira yankho lako. Ukachedwa iyeyo amapeza kwina ndiye timayambiranso kulengeza ntchito, apo ndi pamene anthu amakwiya. Kalata ya ku Ntcheu ikapanda kubwera Lachinayi, pempha a ku Dedza akuwonjezere mpaka Lolemba kapena Lachiwiri, kamodzi kokha.

Bambo wa ku Lizulu: Ine ndikuona kuti apa mpata ulipo. Awuzeni kuti salale yachepa, mwina akwezera. Osamangokana chabe.

Mwini funso: Bambo nkhani si ndalama kwenikweni, a ku Dedza ndi amene akupereka zambiri pang'ono. Olo atakweza sindingawasiye mayi pano.

Mayi wa ku Bembeke: Bambo a ku Lizulu akunena zoona kwa munthu amene angapite atamuwonjezera. Koma iwe ukatchula salale iwo nkukathamanga kwa abwana kukapempha, nkubwera ndi ndalama ina iwe nkukananso, wamuchititsa manyazi munthu amene amakumenyera nkhondo. Imeloyo uyankhe pa yomwe anakutumizira ija, dina Reply kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo ngati pa CC panali amene akanakhala bwana wako dina Reply All. Ndilemba m'Chichewa, iwe uika m'Chingelezi mwako:

"Zikomo kwambiri chifukwa chondisankha pa ntchito ya wothandizira maakaunti, komanso chifukwa cha nthawi imene munandipatsa pa intavyu. Nditaganizira mofatsa, ndine wachisoni kukudziwitsani kuti sinditha kuilandira ntchitoyi, chifukwa pakali pano zifukwa za pabanja zikufuna kuti ndikhale ku Ntcheu. Ndinasangalala kumva za momwe mumagwirira ntchito ndi magulu a alimi, ndipo ndingakonde kudzaganiziridwanso mpata ukadzapezeka mtsogolo. Ngati n'kotheka sungani sivi yanga."

Pansi dzina ndi nambala ya foni, basi. Mawu okanawo amveke poyera koyambirira, osalemba zoti "mwina sinditha" chifukwa ife timaona ngati ukadali kuganiza ndiye timadikirabe. Pa za alimipo ndangopeka, iwe uikepo chinthu chenicheni chimene munakambirana pa intavyu, ndi chimene chimapangitsa kuti isaoneke ngati yokopera pa intaneti. Matenda a mayi usafotokoze, kupepesa kamodzi kwakwana.

Achemwali a ku Mlangeni: Ine zinandichitikira. Ndinakana ntchito ku Lilongwe nkunama kuti ndikubwerera kusukulu, koma ndinali nditapeza kwina. Patangotha miyezi iwiri tinakumana pa wekishopu ndi mayi amene anandichititsa intavyu, ine nditavala tisheti ya bungwe linalo. Anangondipatsa moni koma ndinachita manyazi zedi, mpaka lero sindinafunsireko kwawo. Dedza ndi Ntcheu mpafupi, msewu wake ndi M1 womwewu, mudzakumana basi. Ndiye ine ndikuti alembe zoona zonse, kuti wapeza ntchito ku Ntcheu ndipo atchule ndi malo ake.

Mayi wa ku Bembeke: Kunama ayi, pamenepo tagwirizana. Akhoza kuwonjezera kuti walandira ntchito ina kufupi ndi kwawo. Koma kutchula dzina la ofesi ine sindikulimbikitsa asanayambe ntchito, mabwana awa amadziwana ndipo sudziwa aimbirana kuti chani.

Achemwali a ku Mlangeni: Koma akabisa nkudzamva kwa ena si chimodzimodzi? Ine ndikanatchula.

Bambo wa ku Linthipe: Mwaiwala bambo a kutchalitchi aja. Amenewo asamve kwa anzawo mu ofesi kuti mwana amene munatiuza uja wakana. Muwaimbire kapena mupite kunyumba kwawo musanatumize imelo, munthu wamkulu sauzidwa nkhani yotere pa WhatsApp. Ndipo amene anasaina ofa ya ku Dedza uja muimbireninso, mphindi ziwiri zokha, kenako imelo ikhale umboni. Mukatumiza onani mu Sent, netiweki ya kuno imeloyo itha kungokhala mu Outbox inu mukuti yapita.

Mwini funso: Zoimbira foni zikundiopsa, nanga akayamba kundinyengerera ndiyankha chani? Komanso khomo lotsekulalo ndiye kuti adzandiimbira okha?

Mayi wa ku Bembeke: Akakunyengerera bwereza mawu omwewo, kuti wathokoza koma panopa sungachoke ku Ntcheu, usawonjezere zifukwa zatsopano chifukwa chilichonse chimene utchule adzayesa kuchikonza. Zodzakuimbira okha usadalire. Mabungwe ambiri malamulo awo amafuna kuti ntchito ilengezedwe, ndiye udzafunsiranso ngati wina aliyense, phindu lake ndi loti akadzaona dzina lako sadzakwinya nkhope. Podzalemba kalata yofunsira udzatchule wekha kuti anakusankhapo ndipo sunathe kubwera chifukwa cha za pabanja zimene pano zakhazikika. Komanso osafunsira mpata umene utuluke mwezi wamawa, adzadabwa kuti za pabanja zija zatha liti.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndawaimbira a ku Ntcheu akuti kalata isainidwa mawa m'mawa abwana akabwera kuchokera ku Balaka. Bambo a kutchalitchi ndipita kwawo mawa ndikangoilandira. Dzina la ofesi sindinaganize ngati nditchule, koma akandifunsa pafoni ndikuona kuti ndivutika kuwabisira.