Kodi 5/7 ya pa pepala la mankhwala ndi deti?

Wosamalira okalamba, Mufakose ku Harare: Akuluakulu, ndithandizeni. Agogo amene ndikuwasamalira amangomva Chichewa ndi Chishona pang'ono. Kuchipatala awalembera izi:

```
Amoxicillin 500mg tds x 5/7
Paracetamol 1g qds prn
```

Mdzukulu wawo akuti 5/7 ndi pa 5 Julayi, tsiku lobwerera kwa dokotala. Ndiye kuyambira dzana akuwamwetsa kapisozi mmodzi patsiku kuti mankhwala afike tsikulo.

Namwino, Mbare: Ayi achemwali, si deti. Nambala yachiwiriyo imanena zomwe zikuwerengedwa: 7 ndi masiku, 52 ndi masabata, 12 ndi miyezi. Choncho 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 masabata awiri, 1/12 mwezi umodzi. Ndipo tds ndi katatu patsiku. Katatu kwa masiku asanu ndi makapisozi 15, ngati aliyense ndi wa 500mg. Tawerengani m'kapepalamo. Akadamwa bwino masiku awiriwa, pakanatsala 9.

Wosamalira okalamba: Atsala 13, sisita.

Wothandiza mu wodi, Highfield: Katatu ndiye kuti pa kadzutsa, pa nkhomaliro ndi pa mgonero. Ine ndimawauza choncho ndipo saiwala.

Namwino: Katatuko mwakhoza achimwene, koma zomangirira ku chakudya ndimaziopa. Agogo ambiri amadya kawiri basi, tiyi wa 10 koloko ndi nsima ya madzulo, ndiye kumwa kumodzi kumasowa. Amokisilini safuna kuti munthu ayambe wadya. Chofunika n'kutalikanitsa pafupifupi maola 8: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Masiku aphonyekawo musabwezere pomwetsa awiriawiri. Pitani nalo pepalalo kumene munatenga mankhwala lero lomwe, mukanene mmene amwera, makamaka ngati thupi likutenthabe.

Woyeretsa ku kiliniki, Dzivarasekwa: Zachingerezi n'zovuta. Malume anga ataona positive pa pepala la malungo anasangalala, amvekere zili bwino.

Namwino: Pepani, pamenepo ndiye kuti malungo apezeka. Koma tibwerere kwa agogo, chifukwa mzere wachiwiriwo ndi umene umandidetsa nkhawa. prn ndi kumwa pokhapokha ululu ukabwera, ndipo qds ndi malire ake, osapitirira kanayi. 1g ndi mapilitsi awiri a panado a 500mg, choncho asapyole 8 pa maola 24, ndipo papite maola osachepera 4 asanamwenso. Wochuluka amawononga chiwindi. Onaninso mankhwala a chimfine a m'nyumbamo, ambiri muli panado kale. Ngati agogowo ndi owonda, osafika makilo 50, funsani, mwina achepetsa mlingo.

Wothandiza mu wodi: Koma za mawotchi zanuzo, agogo sawerenga. Jambulani dzuwa likutuluka, dzuwa lili paliwombo, ndi mwezi.

Namwino: Mwezi ena amauona ngati 6 koloko madzulo, maola aja n'kupanikizana.

Wosamalira okalamba: Ndijambula, nthawi ndilemba pansi pake chifukwa cha mdzukuluyo. Vuto ndi la 10 koloko usiku, ine ndimaweruka 6.