Andipatsa ntchito ku Lilongwe koma sindingapite, kalata yokana ndiilembe bwanji osadzitsekera khomo?

Nankhoma: Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe lina ku Lilongwe landipatsa ntchito ya akauntanti. Kalata yawo ndi ya Lolemba pa 3 Malichi, akufuna yankho pofika pa 10 Malichi, kuyamba ntchito pa 14 Epulo. Komwe ndili ku Blantyre anandilipirira maphunziro ndipo ndinasaina bondi. Yatsala miyezi 14, ndipo ndikachoka isanathe ndiyenera kubweza K2,400,000 yonse, sichepa mwezi ndi mwezi ngati momwe ndinkaganizira. Ndalamayo ndilibe, choncho sindipita. Koma bungweli ndimalifuna, bondi ikadzatha ndikufuna ndidzayesenso. Ndayamba kulemba kuti: "Ndathokoza kwambiri chifukwa cha mwayi waukuluwu. Pakadali pano zinthu sizili bwino kwenikweni, koma ndikukhulupirira kuti mtsogolomu zitheka." Ndipitirize motero?

aChirwa: Achemwali, chachikulu ndi notisi. Munthu wolandira malipiro pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi, lamulo la ntchito la 2000 limatero. Mulembe tsiku lanu lomaliza, komanso kuti katundu wa ofesi mudzasiya m'manja mwa ndani.

Mayi Gondwe: aChirwa, mwawerenga mothamanga. Sakusiya ntchito yomwe ali nayo, akukana yatsopano. Za notisizo ndi zoona koma sizikulowa pano.

Nankhoma, ziganizo zanu ziwirizo zili ndi ulemu, koma mulibe mawu akuti "sindibwera". Wolemba anthu ntchito akawerenga zakuti zinthu sizili bwino pakadali pano amamva kuti mukufuna akuwonjezereni malipiro kapena akusunthireni tsiku loyambira. Ndiye akuimbirani foni, apita kwa abwana ake kukapempha sabata ziwiri zina, pomaliza n'kudzamva kuti simunali kubwera kuyambira pachiyambi. Khomo limatsekeka pamenepo, osati pa kukanako.

Muyenera kudziwa zomwe zikuchitika mbali inayo. Intavyu ikatha, gulu lofunsa limasanja mayina, woyamba, wachiwiri, wachitatu. Wachiwiri nthawi zambiri sauzidwa kanthu mpaka woyamba atasaina. Tsiku lililonse lomwe inu mukuzengereza, wachiwiriyo akhoza kupeza kwina, ndipo akapita bungwe liyambiranso kulengeza ntchito, kusefa makalata, kuitananso anthu. Ndi miyezi imeneyo. Ndiye mphatso yaikulu yomwe mungawapatse ndi kukana msanga komanso momveka. Musadikire pa 10. Ngati mtima mwamanga kale, itumizeni mawa m'mawa.

Nankhoma: Ndamva mayi. Koma pali china. Atandiimbira Lachisanu kundiuza kuti ndapambana, ndinayankha kuti ndasangalala ndipo tionana mu Epulo. Sindinasaine chilichonse.

Bambo Mwale: Bola mwanena. Zimenezo zikusintha kayambidwe kake. Munthu amene anakuimbiraniyo anapita kukauza abwana ake kuti mwavomera. Akangolandira imelo yokana osamuchenjeza, amene achite manyazi ndi iyeyo, ndipo ndi yemweyo amene adzasefe makalata chaka chamawa. Muyambe mwamuimbira foni, nthawi ya ntchito, m'mawa. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana. Munene kuti mwaiwerenga bwino kalata, mwaonanso mgwirizano womwe muli nawo komwe mukugwira, ndipo simutha kuilandira ntchitoyo. Mupepese kamodzi kuti Lachisanu munayankha musanaone zonse. Kenako mumuuze kuti kalata ikubwera lero lomwe, ndipo ifikedi ola lisanathe. Foni yokha siikwanira chifukwa mufayilo mumafunika cholembedwa kuti aitane wachiwiri. Uthenga wa pa WhatsApp ayi, ngakhale iwo atakhala kuti anakulemberanipo kumeneko.

aChirwa: Pepani poyamba paja. Koma apa ndiye ndili ndi nkhawa. Kuvomera pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Sangakawasumire ku khoti?

Mayi Gondwe: Mbali ina mukulondola, mgwirizano ukhoza kupangidwa pakamwa. Koma muone momwe kalata yawo yalembedwera. Ngati ikunena kuti kuvomera ndi kusaina ndi kubweza kope pofika pa 10, ndiye kuti iwo eni aika njira yovomerera, ndipo Nankhoma sanaidutse. Akanakhala kuti anasaina kale, ndikanati aonetse kaye kontirakitiyo kwa wodziwa malamulo, chifukwa kalata yake ikanakhala yobweza mawu, osati yokana, ndipo kalembedwe kake n'kosiyana.

Nayi kalata momwe ndingaiikire. Ndikudziwa kuti muilemba m'Chingerezi monga momwe yawo ilili, koma mafupa ake ndi awa:

"Okondedwa Mayi Uje,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu ya pa 3 Malichi yondipatsa ntchito ya akauntanti. Nditaiganizira bwino, ndikukudziwitsani kuti sinditha kuilandira ntchitoyi.

Ndili ndi mgwirizano ndi abwana anga apano womwe ukutha mu Meyi chaka chamawa, ndipo ndaona kuti ndiyenera kuukwaniritsa. Pepani kuti pa foni Lachisanu ndinayankha ndisanatsimikize zimenezi.

Ndinasangalala ndi zokambirana zathu pa intavyu, makamaka za momwe mukufuna kukonzera malipoti a ndalama a mapulojekiti anu. Ndi ntchito yomwe ndingakonde kudzagwira. Ngati mwayi ngati umenewu utadzapezeka kuyambira Juni chaka chamawa, ndidzakondwa kufunsiranso, ndipo ndikuvomereza kuti musunge zikalata zanga.

Ndine wanu,"

Pansi pake dzina, nambala ya foni ndi imelo yanuyanu, osati ya kuofesi. Ndime yachitatuyo musinthe, muike chinthu chenicheni chomwe munakambirana pa intavyu, ine ndangoyerekeza. Chinthu chimodzi chokha, koma choona. N'chimene chimasonyeza kuti kalatayi mwalembera iwowo, si ija yongokopera.

Nangozo: Ine ndime yachiwiriyo ndikuikayikira mayi. Bwanji atchule chifukwa? Ukatchula chifukwa wawapatsa pogwira. Anena kuti tikudikirani, kapena tikuthandizani kubweza, ndiye ukanenso kachiwiri, zomwe zimapweteka kuposa koyamba. Kungoti "pa zifukwa zanga" basi.

Bambo Mwale: Zimatengera chifukwacho. Chikakhala chakuti malipiro achepa, kapena abwana ake simunawakonde pa intavyu, kapena mwapeza kwina kwabwino, pamenepo ndigwirizana nanu, osachilemba. Mungoti mwasankha njira ina yogwirizana ndi zolinga zanu panopa. Koma chifukwa cha Nankhoma chili ndi tsiku lothera, ndipo chikumuonetsa kuti ndi munthu wosunga pangano. Kwa munthu wosunga ndalama za bungwe, imeneyo ndi mbiri yabwino. Komanso popanda chifukwacho, mawu akuti kuyambira Juni chaka chamawa sakhala ndi phata. Mawu ongoti "mtsogolomu" aliyense amalemba ndipo palibe amawakumbukira. Mwezi wotchulidwa ndi womwe munthu angalembe pa kalendala.

Chomwe sayenera kulemba ndi K2,400,000 ija, kapena kudandaula kuti abwana apano anamumanga. Zimenezo ndi za m'nyumba. Wowerenga amaganiza kuti tsiku lina mudzatinena ifenso chimodzimodzi.

aChirwa: Koma bwanji osawapempha kuti alipire bondiyo? Makampani ena amatero akamufuna munthu. Muike mukalata momwemo kuti akalipira mubwera.

Mayi Gondwe: Funsolo ndi labwino, koma malo ake si mukalata yokana. Ndi makalata awiri osiyana. Ngati Nankhoma angapite atamulipirira, afunse kaye pa foni asanakane: pali njira yoti bungwe lithandize pa bondi, kaya kulipira kaya ngati ngongole yodula pamalipiro? Akati ayi, ndiye kalata yokana ipite yoyera. Kusakaniza ziwirizi kumabala kalata yomwe siikukana komanso siikupempha, ndipo imaoneka ngati kuopseza. Dziwaninso kuti mabungwe oyendera ndalama za opereka thandizo amakhala ndi bajeti yomangika mzere ndi mzere, ndiye kupeza polowetsa ndalama yotere n'kovuta. Kampani yochita malonda ndi yomwe imatha kusuntha.

Nankhoma: Ndi bungwe la mapulojekiti, ndipo ngakhale atandipatsa ngati ngongole sindingafune kuyamba ntchito ndi ngongole yotere. Ndikana basi. Ndiitumize kwa ndani? Kalata anasaina mkulu wa bungwe, koma anatumiza ndi mayi a kuofesi yolemba anthu ntchito.

Bambo Mwale: Mulembere amene anasaina, dzina ndi udindo monga zilili pakalata yawo, muonetsetse kuti simunalakwitse chilembo. Koma muyankhe pa imelo yomwe inabweretsa kalatayo kuti zonse zikhale pamodzi, mayi aja ailandire. Musanadine Reply All muone kaye amene ali pamndandanda, nthawi zina mumakhala anthu a malipiro ndi a makompyuta omwe nkhaniyi sikuwakhudza. Kalata yosainidwa muiike ngati PDF, ndipo m'thupi la imelo mulembenso chiganizo chimodzi chonena kuti simukuilandira ntchito, chifukwa ambiri amawerengera pa foni osatsegula chomatacho. Nambala ya kalata yawo, ngati ilipo pamwamba, muitchule pamutu. Pakapita masiku awiri osayankha, imbani mufunse ngati yafika. Isapitirire tsamba limodzi.

Ngati anakutumiziranitu china chake, monga ndalama yosamukira kapena mafomu a kuchipatala, munene mukalata kuti mubweza bwanji. Ndalama ya thiransipoti ya pa intavyu sibwezedwa, pokhapokha ngati analemba choncho pokuitanani.

Nangozo: Nanga kuwapatsa dzina la munthu wina woti angamuganizire? Ine ndimaona ngati kumaonetsa mtima wabwino.

Mayi Gondwe: Pa ntchito yomwe inalengezedwa ndipo anthu anachita intavyu, ine sindingatero. Ali nawo kale wachiwiri, ndipo kulowetsa dzina lakunja kumaoneka ngati mukufuna kudutsitsa mnzanu kuseri.

Nangozo: Pa kampani yaing'ono yomwe mwini wake amalemba yekha anthu, dzina lotere amalilandira ndi manja awiri.

Mayi Gondwe: Kumeneko mwina, koma munthuyo mumufunse kaye, ndipo mutchule pa foni osati mukalata. Apa si pamenepo.

Nankhoma, chotsala ndi cha pambuyo pa kalata. Musadalire kuti adzakukumbukirani okha. Anthu amasintha m'maofesi, ndipo ntchito yatsopano ikatuluka mudzafunsira ngati wina aliyense. Cha mu Epulo chaka chamawa, bondi ili pafupi kutha, mudzawalembere mizere itatu pa imelo yomweyi: kuti ndinu uja munakana mu Malichi chifukwa cha mgwirizano, mgwirizanowo ukutha mwezi wamawa, ndipo nazi zikalata zatsopano. N'chifukwa chake imeloyi musaifufute, ndiponso ichokere pa adiresi yanu yomwe mudzakhale nayobe mutachoka komwe muliko.

Nankhoma: Zikomo nonse. Ndiwaimbira mawa 8 koloko ikangokwana, kalata ipite ndikangodula foni. Ndime yachiwiri ndiisiya momwe Mayi Gondwe ailembera, ndalama sinditchula.

Nangozo: Ine ndikanaichotsabe, koma chabwino. Mukonzekeretu yankho, chifukwa akangomva za mgwirizano afunsa kuti watsala nthawi yaitali bwanji ndipo kuuswa ndi ndalama zingati.