Kasitomala amukanira kuleimu ya inshulansi ya paulendo chifukwa cha bipi, ndiziwauza bwanji anthuwa?

Make Tadala: Abale ndithandizeni mutu waima. Mayi ena achikulire a ku Highfield kuno ku Harare ndinawakonzera ulendo wa ku Germany kukaona mwana wawo, inshulansi ya viza ya Schengen ija ya mayuro 30,000 tinagula bwinobwino. Atafika uko bipi inakwera anagona mchipatala masiku atatu, pano kampani yakana kulipira akuti ndi matenda akale. Dzulo abwera mu ofesi ndi mabilu mu pulasitiki, maso ali psuu, akuti mwana wanga si unati ndikadwala alipira? Zandiwawa kwambiri chifukwa ndinanenadi choncho

Achimwene a ku Mbare: Pepani achemwali. Komatu akanangolemba pa fomu kuti ali ndi bipi bwenzi atalipira, vuto ndi kubisa

Anaphiri: Kulemba pa fomu ndi koyamba chabe achimwene. Kampani ikuyenera kuvomera matendawo molemba, nthawi zambiri amakuwonjezerani ndalama, ena amangolipira zadzidzidzi zokha mpaka pa malire ochepa, ena amakaniratu. Mayuro 30,000 aja ndi a chinthu chimene chakugwera mwadzidzidzi, kuthyoka mwendo, malungo, ngozi, kapena kukubweza kumudzi. Ine ndinasiya kufunsa kuti mukudwala? aliyense amati ayi ndili bwino, munthu wa bipi sadziwerengera ngati wodwala. Ndimafunsa kuti pali mapiritsi amene mumamwa tsiku lililonse? Pompo amatsegula chikwama, awa ndi a shuga awa ndi a bipi. Ndiye ndimawauza kuti amayi, matenda amene mwanyamuka nawo kunyumba pepala ili silikuwadziwa pokhapokha tiwalembetse avomere, ndimawaloza mzere wake ndi cholembera.

Mjomba: Koma si anali ndi medikoeidi ya kuno? atumize mabiluwo kumeneko

Anaphiri: Zambiri zimathera pa boda mjomba, aone kaye mapepala awo

Achimwene a ku Mbare: Kwa ine zinavuta ku Victoria Falls, mnyamata anagumuka phewa pa rafiting'i mu Zambezi, kuwerenga pepala masewera oopsa mulibe, banji yodumpha pa mlatho utamangidwa chingwe mulibenso. Pano gulu la ku Folozi ndimaliuza tisanakwere basi, za mowa ndimanenanso, ukavulala utaledzera amatha kukana.

Make Tadala: Nanga za mayiwa palibe chochita? Nambala yadzidzidzi ya kampani ya inshulansi ija sanaimbenso, mwana wawo anangothamangira nawo kuchipatala

Anaphiri: Iyonso amaigwiritsa pokana, muziwasungira mu foni asananyamuke. Pemphani kalata yolemba chifukwa chokanira ndi ndime imene aima nayo, mupezenso lipoti la dokotala wa uko. Ngati lanena kuti chinawagoneka ndi china osati bipi, pamenepo pali polowera, zikakanika mukhoza kukadandaula ku IPEC, bungwe loyang'anira za inshulansi muno mu Zimbabwe.

Mjomba: Ine ndimawasayinitsa kuti ndawafotokozera, basi

Make Tadala: Kusayina kumateteza ife mjomba, mayiwa akanasayina osamva kanthu. Lipoti lija lili mchijeremani, alipo akudziwa womasulira muno mtauni?